Kujambula windo imodzi yokha, tasikiba n'kuisiya

Pali chithunzi china chomwe aliyense wokonza makompyuta amachidziwa bwino. Chimabwera pa WhatsApp ndi mawu awiri okha: "Taonani izi." Mukachitsegula mumapeza sikirini yonse ya munthu. M'munsimu muli tasikiba, kamzere kaja kokhala ndi batani la Start, timazithunzi ta mapulogalamu onse omwe watsegula, batire yomwe yatsala pang'ono kutha ndi wotchi yonena kuti ndi 23:40. Kumbali kukuoneka mayina a mafayilo a pa desikitopu, ina mwa iwo ndi kalata yofunsira ntchito kwina. Uthenga weniweni wa vutolo, womwe amafuna kuti muuone, uli pakati penipeni, kabokosi kakang'ono ngati ka machesi. Mukakakulitsa ndi zala, zilembo zimasanduka phala.

Munthuyu anadina PrtScn yekha, batani la pa kiyibodi lojambulira sikirini. Akanagwira kaye Alt, chithunzi chikanakhala cha kabokosi kokhako. Koma Alt+PrtScn ili ndi khalidwe lake, ndipo omwe amaisiya ponena kuti "siigwira bwino" nthawi zambiri sanauzidwe mmene imasankhira choti ijambule.

## Mabatani awiri, ndipo palibe chomwe chioneke

Pa Windows, kaya ndi 7, 10 kapena 11, dongosolo lake ndi lomweli. Dinani pa windo yomwe mukuifuna, pamwamba pake pomwe pali dzina lake. Gwirani Alt ndi chala chamanzere, musasiye. Dinani PrtScn kamodzi ndi chala chamanja, kenako siyani onse.

```
Alt + PrtScn
```

Apa ndi pomwe ambiri amakhumudwa, chifukwa kawirikawiri sipachitika chooneka. Sikirini siphethira, fayilo situlukira. Chithunzicho chapita mu kilipibodi, malo osaoneka aja omwe amasunga chomwe mwakopa komaliza. Kuti muchione, tsegulani Paint, Word, imelo kapena WhatsApp ya pa kompyuta n'kudina Ctrl+V. Mukakopa chinthu china musanatero, ngakhale liwu limodzi, chithunzi chija chafufutidwa.

Mankhwala a kufufutikaku alipo. Pa Windows 10 ndi 11 dinani Win+V, batani lokhala ndi chizindikiro cha Windows pamodzi ndi V, ndipo ikakufunsani vomerani kuti iziyamba kusunga zomwe mumakopa. Kuchokera pamenepo kilipibodi imakumbukira zinthu 25 zomaliza, chilichonse chosapitirira 4 MB. Mutha kujambula mawindo asanu motsatizana n'kudzawamata pambuyo pake limodzilimodzi. Ingokumbukirani kuti mndandandawu umafafanizika kompyuta ikazima n'kuyakanso, kupatula zomwe mwazikhomerera ndi kachizindikiro ka phini ka pa mndandandawo. Kwa omwe laputopu yawo imathima pamodzi ndi magetsi chifukwa batire inafa kalekale, ndi bwino kumata ndi kusunga nthawi yomweyo.

## Imajambula windo yomwe ili pa ntchito, osati yomwe mukuyang'ana

Nkhani yonse yagona apa. Kompyuta sidziwa komwe maso anu ali, ndiponso siilabadira pomwe kamuvi ka mausi kaima. Pa nthawi iliyonse pamakhala windo imodzi yokha yomwe ikulandira zomwe mukulemba pa kiyibodi, ndipo Alt+PrtScn imatenga imeneyo. Mumaizindikira ndi dzina lake pamwamba: limaoneka lakuda bwino, pomwe mayina a mawindo ena amazilala ngati nsalu yochapidwachapidwa.

Zodabwitsa zambiri zimachokera pamenepa. Ngati chomaliza kudina chinali malo opanda kanthu pa tasikiba, ndiye kuti tasikibayo ndi yomwe ili pa ntchito, pakuti kwa Windows nayonso ndi windo. Mukamata mupeza kachithunzi katali kopyapyala ka tasikiba yokhayokha, chinthu chenichenicho chomwe mumachithawa. Ngati munadina pa desikitopu, mupeza sikirini yonse ngati kuti Alt simunaigwire n'komwe. Pa kompyuta ya masikirini awiri zimapusitsa kwambiri: mukuyang'ana Excel kumanzere, koma munalemba komaliza mu imelo kumanja, ndiye chomwe chijambulidwe ndi imeloyo.

N'chifukwa chake ndi bwino kuzolowera kudina pa dzina la windo musanajambule. Ndikuti pa dzina, osati m'kati, chifukwa kudina m'kati kumatha kusuntha selo yomwe munasankha, kutsegula linki, kapena kutseka uthenga womwe mumafuna kuujambula. Alt+Tab nayonso imagwira ntchito yomweyi popanda kukhudza kanthu m'kati.

Khalidwe lomweli lili ndi ubwino wake waukulu. Kabokosi ka uthenga wa vuto kakatulukira, iko ndi komwe kamakhala pa ntchito, choncho Alt+PrtScn imatenga kabokosi kokhako, n'kusiya pulogalamu yomwe ili kumbuyo kwake. Zilembo zimatuluka zowerengeka, ndipo manambala a malipiro a anthu omwe anali kuseri sapita nawo. Pa timabokosi tambiri ta Windows simufunikanso chithunzi: dinani Ctrl+C kabokosiko kali patsogolo, mawu ake onse akopedwa ngati zolemba, oti n'kumata mu imelo kapena kufufuzira pa intaneti.

## Imadula zomwe zikuoneka m'malire a windoyo

Chachiwiri chofunika kuchidziwa n'chakuti kompyuta siinyamula windoyo payokha ngati kuchotsa chithunzi pakhoma. Imayeza malire ake anayi n'kudula zomwe zikuoneka pa sikirini m'malire amenewo. Chilichonse chomwe chakhala pamwamba pa windoyo chimalowa nawo.

Apa ndi pomwe tasikiba imabwereranso pa khomo lakuseri. Tasikiba imakhala pamwamba pa mawindo wamba. Mukakokera windo m'munsi mpaka mbali yake ina n'kulowa kuseri kwa tasikiba, chidutswa cha tasikibayo chioneka m'chithunzi chanu. Kokerani windoyo m'mwamba kuti yonse ionekere, kapena ikulitseni ndi Win ndi batani la kamuvi koloza m'mwamba. Windo yokulitsidwa imathera pomwe tasikiba yayambira, siilowa pansi pake. Pa Windows 11 tasikiba ndi yotalika mapikiseli 48 ngati kukula kwa zinthu kuli pa 100%, ndipo pa Windows 10 ndi 40, kotero pa sikirini ya 1920 × 1080 chithunzi cha windo yokulitsidwa chimatuluka chofupikirapo ndi muyezo umenewo.

Chimodzimodzi uthenga wotulukira pa kona yakumanja m'munsi, kapena pulogalamu yomwe inaikidwa kuti izikhala pamwamba nthawi zonse, monga Task Manager mukaiyatsira Always on top. Dikirani uthengawo uchoke, pulogalamuyo isuntheni. Windo ikatulukira kunja kwa sikirini, mbali yomwe ili kunjayo musaiyembekezere m'chithunzi.

Palinso kanthu kakang'ono komwe kamavutitsa okonza mabuku ophunzitsira. Mawindo a Windows 11 ali ndi ngodya zozungulira, pomwe chithunzi chimadulidwa cha ngodya zakuthwa, ndiye m'timakona tinayi mumatha kutsalira timadontho ta zomwe zinali kumbuyo. Ngati kumbuyoko kuli chithunzi chofiira, pa pepala loyera timadonthoto timaoneka. Njira yake ndi yakalekale: tsegulani Paint yopanda kanthu kapena tsamba loyera la Word, likulitseni, kenako bweretsani windo yanu pamwamba pake n'kujambula.

## Tiyese ndi ntchito yeniyeni

Tinene kuti mukukonza kapepala kophunzitsira anzanu mu ofesi mmene angasinthire manambala mu Excel kuti azioneka ngati ndalama. Mukufuna zithunzi zitatu: tebulo, menyu yomwe imatuluka mukadina batani lakumanja la mausi, ndi bokosi la Format Cells.

Yambani ndi tebulo, koma musajambule Excel ili yokulitsidwa. Chifukwa chake ndi masamu. Pepala la A4 ndi lotambalala masentimita 21, ndipo mukachotsa malire omwe Word imaika mbali zonse ziwiri, mumatsala ndi pafupifupi 16. Chithunzi chotambalala mapikiseli 1920 chikapanikizidwa mu masentimita 16 amenewo, zilembo zimachepa moti wowerenga amachita kutsinzinira. Chepetsani windo ya Excel mpaka ifike cha m'ma 900, kungoti mizere yomwe ikufunika ionekere. Pa pepala lomwelo zilembo zikula kuwirikiza kawiri. Kenako dinani pa dzina la fayilo pamwamba, Alt+PrtScn, pitani ku Word, Ctrl+V.

Samalani ndi chala cha Alt. Mu Word ndi Excel, mukagwira Alt n'kuchedwa, pamwamba ponse pamatulukira timabokosi ta zilembo, F, H, N ndi tina, tosonyeza njira zachidule. Tikatuluka musanadine PrtScn, tilowa m'chithunzi. Tikatero dinani Esc n'kubwereza mwachangu, Alt ndi PrtScn pafupifupi nthawi imodzi.

Bokosi la Format Cells ndi losavuta kuposa zonse. Sankhani maselo a manambala, dinani Ctrl+1, pa Category sankhani Currency, ndipo osadinanso pena paliponse chitani Alt+PrtScn. Mupeza bokosi lokhalo, ndi mitu yake Number, Alignment, Font, Border, Fill ndi Protection, popanda tebulo kumbuyo. Ngati mumafuna kuti tebulo lionekere pamodzi ndi bokosilo, Alt+PrtScn siingakupatseni, chifukwa Excel silola kuti windo yaikulu ikhale pa ntchito bokosili lili chitsegukire. Pamenepo mufunika kudula nokha.

Chovuta ndi menyu. Dinani batani lakumanja pa selo, menyu ituluka, Format Cells... ili m'menemo. Mukangokhudza Alt, menyu yazimiririka. Si kulakwitsa kwanu. Mu Windows, Alt ndi batani lomwe limatseka menyu yotseguka. Mungayese kakhumi, zotsatira zikhala zomwezo.

Njira yodalirika ndi kuuza kompyuta kuti idikire. Tsegulani Snipping Tool, pulogalamu ya Windows yodulira zithunzi za pa sikirini, pa chizindikiro cha wotchi sankhani masekondi asanu. Ya Windows 11 imapereka 3, 5 ndi 10, pomwe yakale ija imapereka kuyambira 1 mpaka 5. Dinani New, thamangirani ku Excel, tsegulani menyu ija, chotsani dzanja pa mausi. Nthawi ikakwana sikirini imauma menyu ili chitsegukire, ndipo mumadula mwa phee. Apa sankhani Rectangle n'kukoka nokha, chifukwa menyu nayonso ndi kawindo kapayokha ndipo mukufuna ionekere pamodzi ndi selo yomwe yatulukirapo. Masekondi atatu amachepa kwa ambiri. Khumi amatopetsa ngati zithunzi ndi zambiri.

## Mukafuna kuona chomwe mukusankha

Kwa amene sakonda kujambula mwakhungu, pali njira yoloza ndi mausi, yomwe inabwera mu Windows 10 ndipo mu Windows 11 ilimonso.

```
Win + Shift + S
```

Sikirini imada pang'ono, pamwamba pamatuluka kabokosi kosankhira kadulidwe. Sankhani Window. Mukayendetsa mausi, windo yomwe ili pansi pa kamuvi imawala, zina zonse n'kukhala mumdima. Dinani, yajambulidwa. Apa sipafunika kuti windoyo ikhale pa ntchito, komabe ibweretseni patsogolo musanayambe kuti ina isaiphimbe, ndipo musadine pa tasikiba kapena pa desikitopu, pakuti nazonso zimasankhika.

Ubwino wina ndi wakuti pa Windows 11 yatsopano chithunzicho chimapita mu kilipibodi komanso chimasungidwa chokha mu foda ya Screenshots m'kati mwa Pictures. Kuipa kwake n'kwakuti ndi yochedwerapo. Pa zithunzi makumi atatu za buku lophunzitsira, ine ndingasankhe Alt+PrtScn, n'kusungira Snipping Tool mamenyu ndi zina zovuta.

Musasokoneze ndi Win+PrtScn. Imeneyo imasunga fayilo yokha mu foda yomweyo, sikirini n'kuphethira, koma imatenga zonse, tasikiba ndi wotchi yomwe. Yomwe imatenga windo imodzi n'kusunga fayilo nthawi yomweyo ndi Win+Alt+PrtScn, ya Game Bar, pulogalamu ya Windows ya osewera magemu. Anthu amaisakasaka mu Pictures osaipeza, chifukwa imaika zithunzi mu Videos, m'foda ya Captures, ndipo ngati Game Bar inazimitsidwa pa kompyutayo siichita kanthu.

Olemba mu Word ali ndi njira yachidule yomwe ilipo kuyambira Office 2010: Insert, kenako Screenshot. Pansi pa Available Windows pamaoneka mawindo omwe ndi otseguka, mukadina imodzi imalowa m'chikalata nthawi yomweyo. Windo yomwe mwaitsitsira pa tasikiba sioneka pa mndandandawu, muyenera kuidzutsa kaye.

Ena amayamba ndi kubisa tasikiba, kupita mu Taskbar settings n'kuyatsa Automatically hide the taskbar, kenako n'kujambula sikirini yonse. Tasikiba imachokadi, koma desikitopu ndi mawindo ena zimatsala, ndipo mausi ikangoyandikira m'munsi tasikibayo imadzukanso. Ndi ntchito yambiri pa phindu lochepa.

## Kiyibodi ikakana

Mukadina Alt+PrtScn koma pomata n'kutuluka chinthu chakale chomwe munakopa kale, vuto kawirikawiri ndi kiyibodi ya laputopu. Pa malaputopu ambiri PrtScn imakhala batani limodzi ndi ntchito ina. Yang'anani mmene yalembedwera. Ngati PrtSc ili m'kabokosi, kapena ndi utoto wofanana ndi wa Fn, muyenera kugwira atatu: Fn, Alt ndi PrtSc. Pa ThinkPad zambiri batanili silikhala pamwamba n'komwe, lili m'munsi pakati pa Alt ndi Ctrl zakumanja.

Malaputopu a kaunjika ochokera ku Ulaya ali ndi msampha wina. Batani la kumanja kwa batani lalitali lodumphira mawu limalembedwa AltGr, ndipo pa kiyibodi ya ku UK Windows imaliwerenga ngati Ctrl ndi Alt pamodzi. Gwiritsani ntchito Alt yakumanzere. Pa kiyibodi ya Chijeremani PrtScn imalembedwa Druck.

Batanilo likakhala lakufa, kapena kiyibodiyo ilibe n'komwe, dinani Win+Ctrl+O kuti kiyibodi ya pa sikirini ituluke. Ili ndi PrtScn yake. Dinani pa windo yanu, kenako pa kiyibodiyo dinani Alt, kenako PrtScn. Kiyibodi imeneyi silanda udindo wa windo yomwe ili pa ntchito, koma imakhala pamwamba pa zonse, choncho ikokereni pambali kuti isaphimbe chomwe mukujambula.

Pa Windows 11, kuyambira 2023, kudina PrtScn yekha kumatsegula Snipping Tool m'malo mokopa sikirini yonse. Ena amaganiza kuti kiyibodi yaonongeka. Ndi chosankha chomwe chili mu Settings, pa Accessibility, pa Keyboard, ndipo Alt+PrtScn sinakhudzidwe nacho.

Pali zinthu ziwiri zomwe sizijambulika, ndipo si kiyibodi yomwe yalakwa. Bokosi la User Account Control, lofunsa ngati mukulola pulogalamu kusintha zinthu pa kompyuta, limatulukira pa sikirini yotetezedwa pomwe PrtScn sifika. Makanema otetezedwa a pa intaneti nawo amatuluka akuda bii m'chithunzi. Izi n'zadala.

Ogwira ntchito pa Remote Desktop, yoyendetsera kompyuta ina muli kutali, ali ndi mabatani awoawo: Ctrl+Alt ndi chizindikiro chochotsera cha kumbali ya manambala amajambula windo yomwe ili pa ntchito pa kompyuta yakutaliyo. Pa Mac nkhani ndi ina: Command+Shift+4, kenako batani lalitali lija, n'kudina windo, mukagwira Option podina, mthunzi wa m'mbali suoneka.

## Windo imodzi nayonso imaulula

Tasikiba ikachoka, musaganize kuti chinsinsi chatetezeka. Windo ya Chrome kapena Edge imanyamula mitu ya masamba onse omwe mwatsegula, adiresi ya tsambalo, mzere wa masamba osungidwa ndi kachithunzi ka akaunti yanu. Musanajambule, gwirani mutu wa tsamba lomwe mukufuna n'kuukokera pansi kuti likhale windo payokha, kenako Ctrl+Shift+B kuti mzere wa masamba osungidwa ubisike. Pa Word ndi Excel yang'anani pamwamba: pali dzina la fayilo, ndipo kawirikawiri palinso dzina la mwini akaunti. Pa File Explorer, mbali yakumanzere imaonetsa mafoda anu onse.

Mukafuna kubisa nambala ya akaunti kapena dzina la munthu, liphimbeni mu Paint ndi bokosi lodzaza utoto umodzi. Cholembera chachikasu chija sichibisa, zilembo zimaonekabe pansi pake. Ndipo musadulire chithunzi mu Word n'kuganiza kuti zatha: Crop ya mu Word imangobisa mbali zomwe mwadula, wolandira chikalata atha kuzibwezeretsa. Dulirani mu Paint musanamate, kapena mu Word pitani pa Compress Pictures n'kuonetsetsa kuti Delete cropped areas of pictures yachongedwa.

## Kusunga ndi kutumiza

Mukamata mu Paint kawindo kakang'ono, nthawi zambiri kumanja ndi m'munsi kumatsala malo oyera, chifukwa pepala la Paint linali lalikulu kuposa chithunzi. Musadine pambali. Chithunzi chikadali chozunguliridwa ndi timadontho, dinani Crop kapena Ctrl+Shift+X, pepala lichepa n'kufanana nacho ndendende. Mukadina pambali kaye, timadontho tichoka ndipo muyenera kusankhanso ndi dzanja.

Sungani ngati PNG. JPEG inapangidwira zithunzi za kamera, ndipo pa zilembo imasiya timatope m'mphepete mwa chilembo chilichonse, makamaka zilembo zofiira kapena zazing'ono. BMP ithaweni: sikirini ya 1920 × 1080 imadya malo pafupifupi 6 MB, pomwe PNG ya kabokosi ka uthenga imangokhala ma KB owerengeka. Bando yanu ndi ya wolandira zipulumuka.

Pa WhatsApp, chithunzi chotumizidwa mwa nthawi zonse chimafinyidwa, ndipo chachikulu chimavulala kwambiri kuposa chaching'ono. Windo ya 800 × 600 ili ndi mapikiseli 480,000, osakwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi a sikirini yonse ija yokhala ndi opitirira 2 miliyoni, motero imafika zilembo zikuwerengekabe ngakhale pa foni. Ngati windoyo ndi yaikulu ndipo manambala ake ayenera kuwerengeka limodzilimodzi, sungani PNG kaye, kenako poitumiza sankhani Document m'malo mwa chithunzi, kuti ifike monga momwe munaijambulira.